Kiriyatini ndi Mutu Wovulala: Zimene Ofufuza Aona ndi Zimene Ufawu Sungachite

Amene anafikako kumalo onyamulira zitsulo anauonapo ufa woyera umene anyamata amathira m'botolo la madzi, kukhutchumula n'kumwa. Dzina lake ndi kiriyatini. Unatchuka pakati pa ochita masewera kuyambira cha m'ma 1990, ndipo ntchito yake pa minofu ndi yodziwika bwino: umathandiza munthu kunyamula cholemera kangapo asanatope, kapena kuthamanga mwamphamvu pa mtunda waufupi. Koma masiku ano ufawu wayamba kutchulidwa pa nkhani ina. Akuti umathandiza ubongo wa munthu amene wamenyetsa mutu pa ngozi ya pamsewu, pa mpira kapena pa nkhonya.

Mphekesera imeneyi ili ndi pochokera, chifukwa kafukufuku alipodi ndipo zina zimene anapeza n'zopatsa chidwi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti nkhani ikamayenda pakamwa imafupika. Mawu akuti "akufufuza ngati ungathandize" amasanduka akuti "umachiritsa", ndipo tsiku lina munthu wogwa pa kabaza adzagonekedwa kunyumba n'kusungunulidwira ufa m'kapu m'malo mothamangira naye kuchipatala. Mutu ukamenyedwa pamachitika mavuto awiri osiyana. Kiriyatini mwina angakhudze limodzi mwa awiriwo, koma limene limapha munthu m'maola oyamba ndi linalo.

Si mankhwala achilendo m'thupi

Thupi lanu lili kale ndi kiriyatini. Impso ndi chiwindi zimamupanga, pafupifupi galamu imodzi patsiku, ndipo wina timamupeza m'nyama ndi m'nsomba. Mu nsima, nyemba ndi masamba mulibemo woti n'kumuwerengera. Munthu wolemera makilogalamu 70 amakhala ndi kiriyatini wokwana pafupifupi magalamu 120, ndipo magawo 95 pa 100 alionse amakhala m'minofu. Wotsala pang'onoyo ali m'ziwalo zina, kuphatikizapo ubongo.

Selo lililonse limagwira ntchito ndi mphamvu yochokera ku kanthu kotchedwa ATP. Selo silisunga ATP wambiri. Limamupanga n'kumugwiritsa ntchito nthawi yomweyo, kuchokera ku shuga ndi mpweya umene magazi amabweretsa. Kiriyatini amasunga kagawo kamene kamabwezeretsa ATP mwamsanga pamene ntchito yachuluka mwadzidzidzi. Ali ngati ndowa ya madzi imene mayi amasunga kukhitchini: mpopi ukauma kwa kanthawi, kuphika sikuima. Komatu ndowayo ndi yaing'ono. Pa minofu imene ikugwira ntchito mwamphamvu, nkhokwe imeneyi imatha m'masekondi pafupifupi 10.

Ubongo umadya mphamvu kwambiri. Kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa 100 a thupi lonse, koma umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito munthu akupuma. N'chifukwa chake ofufuza anayamba kufunsa ngati nkhokwe yowonjezera ingathandize ubongo pa nthawi ya vuto.

Njala ya mphamvu m'maselo

Mutu ukagunda chinthu, ubongo umagwedezeka m'chigaza ndipo maselo ake amakokeka. Mchere wa potaziyamu umene umayenera kukhala m'kati mwa selo umatayikira kunja, pamene sodiyamu ndi kashiamu amalowa mopitirira muyeso. Kuti zinthu zibwerere m'malo mwake, timapampu tating'onoting'ono ta pa khoma la selo timagwira ntchito modzipereka, ndipo timadya ATP wochuluka. Tsoka lake, nthawi yomweyo magazi opita ku ubongo amachepa, ndipo kashiamu wolowererayo amasokoneza tizigawo ta m'selo timene timapanga mphamvu. Selo limafuna mphamvu yambiri pa nthawi imene likupanga yochepa. Akatswiri awiri a ku yunivesite ya California ku Los Angeles, Christopher Giza ndi David Hovda, anafotokoza mndandanda wa zochitikazi m'chaka cha 2001, ndipo kafotokozedwe kawo kamagwiritsidwabe ntchito.

Njala ya mphamvu imeneyi imatha kukhala masiku angapo kapena milungu. Akatswiri amaiona ngati chimodzi mwa zifukwa zimene munthu amene wagwedezeka ubongo amamvera mutu, chizungulire, kutopa ndi kuiwalaiwala, ngakhale kuti pa sikani sipaoneka bala lililonse. Ndiponso pa nthawi imeneyi ubongo umakhala wosalimba, moti kumenyedwa kachiwiri usanachire n'koopsa kuposa koyamba.

Ganizo la ofufuza ndi losavuta kulimva: ngati vuto ndi kuchepa kwa mphamvu, nanga bwanji titadzazitsa nkhokwe? Ganizoli ndi lanzeru, koma pa zachipatala ganizo lanzeru limayenera kuyesedwa kaye.

Mbewa ndi makoswe a ku Kentucky

M'chaka cha 2000, Patrick Sullivan ndi anzake a ku yunivesite ya Kentucky ku America anafalitsa zimene anapeza atayesa pa zinyama. Anapatsa mbewa ndi makoswe kiriyatini, kenako anavulaza ubongo wa zinyamazo m'njira yoyezedwa bwino, n'kuyerekezera ndi zinzake zimene sizinapatsidwe. Gawo la ubongo lowonongeka linachepa ndi magawo ofika 36 pa 100 mwa mbewa, ndi ofika 50 pa 100 mwa makoswe. Manambala amenewa ndi amene amatchulidwa kawirikawiri ndi otsatsa malonda.

Chimene satchula n'chakuti zinyamazo zinalandira kiriyatini zisanavulale. Mbewa zinamulandira kwa masiku angapo, makoswe kwa milungu, kenako n'kuvulazidwa nkhokwe ili yodzaza kale. Munthu amene wagwa panjinga lero, n'kuyamba kumwa ufa mawa, sali m'gulu la mbewa zimenezo. Kafukufukuyu ankayankha funso la kuteteza, osati la kuchiritsa.

Palinso chopinga china. Ubongo sulandira kiriyatini wa m'magazi mosavuta ngati minofu. Mitsempha yake ili ndi khoma losefa zimene zikulowa, ndipo kiriyatini amadutsa pang'onopang'ono. Ku Göttingen m'dziko la Germany, m'chaka cha 1999, anthu athanzi asanu ndi mmodzi anamwa magalamu 20 tsiku lililonse kwa milungu inayi. Atawayeza ndi makina, kiriyatini wa mu ubongo anali atakwera ndi magawo pafupifupi 9 okha pa 100. Sungani nthawi imeneyi m'mutu: milungu inayi ya kumwa ufa wochuluka kuti ubongo usinthe pang'ono chonchi.

Ana 39 a pa chilumba cha Crete

Kafukufuku wa pa anthu amene aliyense amamutchula anachitikira pa chipatala cha yunivesite ku Heraklion, pa chilumba cha Crete ku Greece. Anamutsogolera ndi dokotala George Sakellaris, ndipo zotsatira zoyamba zinatuluka m'chaka cha 2006. Ndi bwino kumuyang'anitsitsa, chifukwa chiyembekezo chonse ndi malire ake onse zili momwemo.

Munali ana ndi achinyamata 39, a zaka zoyambira chimodzi mpaka 18, onse ovulala mutu kwambiri. Madokotala amayeza kutsitsimuka kwa wovulala ndi muyeso wotchedwa wa Glasgow, umene unakonzedwa ku Scotland m'chaka cha 1974. Amaona ngati munthu akutsegula maso, mmene akuyankhira ndi mmene akusunthira ziwalo, n'kupereka nambala yoyambira 3 mpaka 15. Munthu wabwinobwino amapeza 15, ndipo 8 kutsika m'munsi ndiye kuvulala koopsa. Ana a ku Crete anali kumunsi kwa muyesowu, odwala mwakayakaya, opumira makina.

Anawagawa m'magulu awiri mwamaere. Gulu lina linalandira chithandizo chonse cha chipatala, ndipo lina linalandira chithandizo chomwecho kuwonjezerapo kiriyatini kwa miyezi isanu ndi umodzi. Muyeso unali magalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, tsiku lililonse. Tiyeni tiwerengere. Mwana wa makilogalamu 30 ankalandira magalamu 12 patsiku. Muyeso womwewo pa munthu wamkulu wa makilogalamu 70 ungakhale magalamu 28, pamene onyamula zitsulo nthawi zambiri amamwa magalamu atatu mpaka asanu. Kuti mupeze magalamu asanu okha kuchokera ku chakudya, mungafunike kudya nyama pafupifupi kilogalamu yathunthu. Uwu unali muyeso wa chipatala, woperekedwa ndi madokotala amene ankayang'anira anawo ndi kuyeza magazi awo.

Zimene anapeza zinali zolimbikitsa. Ana amene analandira kiriyatini anakhala masiku ochepa pa makina opumira ndi m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo nthawi yosokonezeka chikumbumtima inafupika. Anachitanso bwino pa kulankhula, kuyenda, kudzisamalira ndi khalidwe. M'chaka cha 2008 gulu lomwelo linafalitsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, ana ochepa mwa amene analandira kiriyatini ndi amene ankadandaulabe za mutu, chizungulire ndi kutopa. Sanaone vuto lalikulu lobwera chifukwa cha ufawo.

Ndiye n'chifukwa chiyani zipatala za padziko lonse sizinayambe kupereka kiriyatini kwa ovulala mutu? Choyamba, ana 39 ndi ochepa kwambiri pa vuto ngati ili. Kuvulala mutu kumasiyana pa munthu aliyense, moti pa magulu a ana pafupifupi 20, ngati ana atatu kapena anayi ovulala kwambiri agwera mbali imodzi mwamwayi chabe, zotsatira zonse zimapendekeka. Chachiwiri, aliyense ankadziwa amene akulandira ufa ndi amene sakulandira. Panalibe ufa wongoyerekezera woperekedwa ku gulu linalo. Kholo limene likudziwa kuti mwana wake akulandira chithandizo chatsopano limakhala ndi chiyembekezo, ndipo likafunsidwa ngati mwana akumvabe mutu, yankho lake lingatsatire chiyembekezocho popanda bodza lililonse. Dokotalanso ndi munthu. Chachitatu, malipoti a 2006 ndi 2008 akunena za ana omwewo, choncho amene amawawerenga ngati maumboni awiri akuwerenga umboni umodzi kawiri. Ofufuzawo eni ake anamutcha kafukufuku woyambirira, wofuna wina wamkulu womutsimikizira.

Mfundo imene imatayika kwambiri ndi iyi: mwa ana onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwa kiriyatini m'malo mwa chithandizo. Magulu onse awiri anali m'manja mwa madokotala, pa makina, usana ndi usiku. Ngati kiriyatini anathandizadi, anathandiza ana amene chipatala chinali chitawapulumutsa kale.

Zooneka zabwino zimene zinakanika

Madokotala amene amasamalira ovulala mutu anaphunzira kusamala kudzera m'zowawa. Kwa zaka zoposa 30, zipatala zambiri zinkapereka mankhwala a sitiroyidi kwa ovulala mutu, poganiza kuti amachepetsa kutupa kwa ubongo. Ganizolo linali lomveka. Kenako kunabwera kafukufuku wamkulu wotchedwa CRASH, wa odwala 10,008 m'mayiko 49, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2004. Anapeza kuti mwa olandira sitiroyidi, pafupifupi 21 pa 100 alionse anamwalira m'milungu iwiri, pamene mwa olandira mankhwala ongoyerekezera anamwalira pafupifupi 18. Mankhwala amene ankaganiziridwa kuti akupulumutsa anali kuwonjezera imfa, ndipo palibe dokotala mmodzi payekha amene akanatha kuona zimenezi pa odwala ake ochepa.

Kiriyatini yemweyu anakhumudwitsapo kale pa matenda ena a ubongo. Pa zinyama ankaoneka kuti amateteza maselo ku matenda onjenjemeretsa a Parkinson. Atamuyesa pa odwala 1,741 ku America ndi ku Canada, magalamu 10 patsiku kwa zaka zingapo, kafukufuku anaimitsidwa m'chaka cha 2013 chifukwa panalibe phindu looneka. Pa matenda a Huntington zinathanso chimodzimodzi. Izi sizikutanthauza kuti adzakanikanso pa kuvulala mutu, chifukwa matendawa ndi osiyana. Zikungosonyeza kutalika kwa ulendo wochokera pa mbewa kukafika pa munthu.

Chidwi sichinathe. M'chaka cha 2011 bungwe la akatswiri a zaumoyo ku America, la Institute of Medicine, litapemphedwa ndi a zachitetezo kuunika zakudya zimene zingathandize asilikali ovulala mutu, linaika kiriyatini pa gulu la zinthu zoyenera kufufuzidwa. Silinanene kuti aziperekedwa. Ku Auckland m'dziko la New Zealand, m'chaka cha 2015, achinyamata athanzi amene anamwa magalamu 20 patsiku kwa mlungu umodzi anakwanitsa kuika maganizo pa ntchito bwinopo atawapumitsa mpweya wochepa okosijeni. Koma awa anali anthu ochepa, osavulala. Mafunso amene ofufuza akulimbana nawo tsopano ndi akuti: kodi ufawu umafunika kumwedwa munthu asanavulale, monga wosewera ragibe kapena msilikali, kapena ungathandizenso pambuyo pake? Ndi muyeso wotani umene umafikadi ku ubongo? Nanga ungathandize amene mutu ndi kutopa sizikuwathera patatha miyezi?

Mudzamva wina akuchitira umboni kuti anagunda mutu, anamwa ufawu ndipo anachira. Sakunama, koma kumbukirani kuti akuluakulu ambiri amene agwedezeka ubongo pang'ono amachira okha m'milungu iwiri, ndipo ana ambiri m'milungu inayi. Chilichonse chimene munthu angamwe pa nthawi imeneyo chimatenga ulemu wa ntchito imene thupi lagwira lokha.

Magazi otayikira m'chigaza

Tsopano tifike pa vuto lachiwiri lija. Chigaza cha munthu wamkulu sichitanuka. M'kati mwake muli ubongo, magazi ndi madzi ochepa, ndipo malo ena otsala mulibe. Mtsempha ukang'ambika, magazi amasowa kolowera, amaundana n'kuyamba kupanikiza ubongo. Akachuluka amaukankhira pansi, kumene kuli gawo loyendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima.

M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi othamanga. Fupalo likasweka, mtsemphawo ungang'ambike. Choopsa n'chakuti munthu angadzuke, kulankhula bwinobwino, ngakhale kuseka, pamene magazi akusonkhana m'kati.

Zimenezi n'zimene zinachitikira Natasha Richardson, katswiri wa mafilimu wa ku Britain. Pa 16 Malichi 2009 anagwa akuphunzira masewera otsetsereka pa chipale ku Mont Tremblant m'dziko la Canada. Kugwako kunaoneka kwamasewera. Anadzuka, ananena kuti ali bwino, anakana chithandizo, ndipo ambulansi imene inaitanidwa inabwerera yopanda wodwala. Atabwerera kuchipinda chake mutu unayamba kumupweteka ndipo anayamba kufooka. Pamene ankafika ku chipatala chachikulu ku Montreal maola angapo anali atapita. Anamwalira pa 18 Malichi ali ndi zaka 45, chifukwa cha magazi amene anaundana pakati pa chigaza ndi chikopa chokuta ubongo. Anali munthu wandalama, m'dziko la zipatala zabwino. Chimene chinatayika ndi nthawi.

Vuto limeneli limachizika likapezeka msanga. Sikani ya CT imaonetsa magaziwo, dokotala amatsegula fupa, kuchotsa magazi oundana ndi kutseka mtsempha, ndipo ambiri amene apangidwa opaleshoni asanakomoke amachira bwino. Palinso mankhwala a tiranekizamiki asidi, omwe aja amathandiza amayi otaya magazi pobereka. Kafukufuku wa CRASH-3, wa odwala oposa 12,000, anasonyeza m'chaka cha 2019 kuti amachepetsa imfa mwa ovulala mutu pang'ono ndi mwapakatikati ngati aperekedwa m'maola atatu oyamba. Yerekezerani maola atatu amenewa ndi milungu inayi ya ku Göttingen. Kiriyatini satseka mtsempha, sachotsa magazi oundana, sachepetsa kupanikizika kwa m'chigaza. Ngakhale tsiku lina atadzatsimikizidwa kuti amathandiza maselo, ntchito izi sadzazigwira.

Akagwa wanu

Kwathu kuno ovulala mutu ambiri amachokera pamsewu: okwera kabaza opanda helemeti, apanjinga zakapalasa, oyenda pansi. Ena amagwa mu mtengo wa mango, ena amamenyedwa pa ndewu. Tiyerekeze kuti mchimwene wanu wagwa pa njinga yamoto madzulo. Anakomoka kwa mphindi imodzi, wadzuka, akuti mutu ukungowawa pang'ono ndipo akufuna kukagona. Kukomoka kokhako n'kokwanira kuti apite kuchipatala usiku womwewo. Musadikire kuti kuche, ndipo asayendetse yekha njinga popita.

Chimodzimodzi ngati sakukumbukira zimene zachitika, akusanza mobwerezabwereza, mutu ukunka nuwawirawawira, akusinza movuta kudzutsa, akubwereza funso limodzimodzi kapena akulankhula zosamveka. Ngati wayamba kuphupha ngati wakhunyu, mkono kapena mwendo wafooka, mwana wa diso limodzi wakula kuposa mnzake, m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi oyera, kapena kuseri kwa khutu ndi kuzungulira maso onse awiri kwada, nthawi yatha kale ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Kwa khanda yang'anani liwombo lotupa, kukana bere ndi kulira kosatonthozeka. Okalamba, ndi amene amamwa mankhwala osungunula magazi monga wafarini, akaonedwe ngakhale kugwa kuoneke kochepa. Pitani ku chipatala chapafupi. Iwo ndi amene angakutumizeni ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Mukafika nenani nthawi imene wagwa, ngati anakomoka, wasanza kangati ndi mankhwala amene amamwa.

Msampha umene wapha ambiri ndi mowa. Munthu akagwa ataledzera, anzake amati, "Musiyeni agone, wangoledzera uyu." Kusinza kwa mowa ndi kusinza kwa magazi a m'chigaza zimafanana, ndipo wosiyanitsa ndi dokotala. Woledzera amene wamenyetsa mutu amafunika kuonedwa kuposa wosaledzera.

Munthu wosinza kapena wokomoka musamumwetse kalikonse, kaya madzi, thobwa, mankhwala azitsamba kapena ufa wosungunula. Sangameze bwino, ndipo zimene mwamupatsazo zingalowe m'mapapo. Komanso ngati akufunika opaleshoni, m'mimba modzaza mumawonjezera ngozi pomugoneka tulo. Khosi lake musalipinde, chifukwa chimene chavulaza mutu chikhoza kukhala kuti chavulazanso msana wa m'khosi. Akayamba kusanza, mutembenuzireni chammbali mutu, khosi ndi thupi zikuyendera limodzi. Pa ululu, panado ndiye woyenera kwa amene ali maso bwinobwino. Asipirini ndi bulufeni mupewe m'masiku oyamba pokhapokha dokotala atalola, chifukwa angawonjezere kutaya magazi.

Akakubwezani kunyumba, munthu wamkulu akhale naye pafupi usana ndi usiku woyamba. Kugona n'kololedwa, bola azidzuka ndi kuyankha bwino mukamudzutsa. Apume tsiku limodzi kapena awiri, achepetse kuyang'ana foni, asamwe mowa, kenako ayambe kuyenda pang'onopang'ono. Kumutsekera m'chipinda chamdima kwa mlungu wathunthu sikuthandiza. Wosewera mpira amene wagwedezeka ubongo asabwerere m'bwalo tsiku lomwelo, ngakhale timu ikumufuna bwanji.

Kwa agogo kuli ngozi ina yochedwa. Timitsempha tating'ono tingamadonthe magazi pang'onopang'ono, ndipo patatha milungu itatu kapena isanu ndi umodzi munthu amayamba kuiwala, kudzandira kapena kusintha khalidwe. Apabanja amati ndi ukalamba, ena amati walodzedwa, pamene kugwa kuja aliyense anakuiwala. Izinso zimachizika ndi opaleshoni, nthawi zambiri yoboola kabowo pa chigaza n'kutulutsa magaziwo.

Nanga amene akufunabe kuyesa?

Pali anthu amene dokotala anawaona kale, ngozi ya magazi palibe, koma miyezi ikupita mutu ndi kutopa sizikutha. Munthu wotere akamva za kiriyatini n'zomveka kuti afune kuyesa, ndipo sindingamudzudzule. Kwa munthu wamkulu wathanzi, kiriyatini pa muyeso wa magalamu atatu mpaka asanu patsiku ali m'gulu la zowonjezera zakudya zimene zafufuzidwa kwambiri, ndipo mavuto ake odziwika ndi ochepa: thupi limasunga madzi moti munthu amalemera ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri, ndipo ufa ukachuluka nthawi imodzi m'mimba mumapota kapena kutsegula. Koma chitetezo cha muyeso waung'ono kwa munthu wathanzi si chitetezo cha magalamu 28 kwa wodwala, ndipo mwana asapatsidwe popanda dokotala.

Muyambe mwafunsa kuchipatala, pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti mutu ndi chizungulire zosatha zimakhala ndi zoyambitsa zimene zili ndi chithandizo chakechake: khosi lovulala, vuto la m'kati mwa khutu, maso, kusowa tulo, nkhawa, ngakhale kumwa mankhwala opha ululu tsiku ndi tsiku. Chizungulire china chobwera potembenuka pabedi chimatha dokotala akangopendeketsa mutu wa wodwala m'njira yapadera. Amene akudalira ufa amaphonya zonsezi.

Chachiwiri ndi impso. Kiriyatini akagwira ntchito amasanduka chinthu cha dzina lofanana nalo, kiriyatinini, chimene impso zimachotsa m'magazi, ndipo ndi chimene achipatala amayeza pofuna kudziwa ngati impso zili bwino. Womwa ufawu nambala yake ingakwere impso zili bwinobwino, ndipo dokotala amene sanauzidwe angaganize kuti zikuwonongeka. Izi zikukhudza anthu ambiri kwathu kuno, chifukwa ma ARV amene ambiri akumwa ali ndi tenofovira, amene kwa ena amalemetsa impso, ndi dolutegiravira, amene payekha amakweza pang'ono nambala yomweyo. Ufa ukalowererapo mwachinsinsi, dokotala amavutika kuwerenga zotsatira, ndipo angasinthe mankhwala amene anali kugwira bwino ntchito. Amene ali kale ndi vuto la impso, shuga kapena kuthamanga kwa magazi kwa nthawi yaitali, amayi oyembekezera, ndi amene amamwa bulufeni kapena daikilofenaki kawirikawiri, asayambe okha.

Ufa wogulitsidwa m'mashopu a zamasewera nawonso si wofanana. Umene unagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wambiri ndi kiriyatini monohaidireti wopanda chosakaniza. Mabotolo ambiri omwera munthu asanayambe kunyamula zitsulo amasakaniza ndi kafeini wochuluka ndi zina zogalamutsa thupi, zimene zimasowetsa tulo ndi kuwonjezera mutu kwa munthu amene ubongo wake ukuchira. Ngati dokotala wavomera, tengani botololo mukamuonetse zolembedwa kumbuyo kwake, ndipo mugwirizane tsiku lodzayezanso magazi.